Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu a Zamaphunziro ndi Zaumoyo: Za Mwana Wopsa ndi Moto Pamene Akubwerera Kusukulu

Kwa a Nduna ya Zamaphunziro, a Nduna ya Zaumoyo, alangizi a zamaphunziro m'mazoni, ndi aphunzitsi aakulu a sukulu zonse za pulayimale,

Olemekezeka,

Ndine mphunzitsi wa sitandade 4, ndipo ndili ndi chipsera cha moto chimene chinayambira patsaya lakumanzere n'kutsika ndi khosi mpaka paphewa. Ndinapsa ndili ndi zaka 8, m'mwezi wa Juni, pamene diresi langa linagwira moto tikuwotha m'khitchini m'mamawa. Ndinagona m'chipatala pafupifupi miyezi 3, ndipo madokotala anasenda khungu lapantchafu yanga n'kuliphatika pakhosi pamene bala linkakana kutseka. Ntchito yawo anaigwira bwino moti sindiwadandaula. Chimene ndikukulemberani ndi tsiku limodzi limene a chipatala kapena a sukulu sanaliwerengere ngati ntchito yawo, ndilo tsiku loyamba limene mwana wachipsera amalowanso m'kalasi, maso a anzake oposa 100 ali pa iye, pomwe palibe amene anamukonzekeretsa choti ayankhe.

Tsiku limenelo amayi anandimanga duku kuti ibise tsaya ndi khosi. Titafola pa asembule, aphunzitsi ena anandiuza kuti duku si yunifolomu, ndiivule pomwepo. Sindikhulupirira kuti anali ndi mtima woipa, chifukwa ataona chimene chinali pansi pa dukuyo nawonso anasowa chonena. Mzere wonse unakhala chete, kenaka wina kumbuyo anakuwa kuti, "Wapsa!" ndipo ena anaseka. M'kalasi tinkakhala pansi mothithikana, koma tsiku limenelo mbali yanga yakumanzere kunatsala malo okwanira ana awiri. Pofika pabuleki ndinali nditapatsidwa kale dzina la "kanyenya", ndipo dzinalo linandikhalira zaka zitatu. Ndinayamba kunamizira mutu m'mawa uliwonse, ndinajomba pafupifupi teremu yonse, ndipo ndinabwereza kalasi ngakhale kuti moto sunakhudze nzeru zanga.

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndi nkhope imeneyi ndaphunzira kuti anthu oyang'anitsitsa sali amtundu umodzi, ndipo kuwaika onse m'gulu la anthu ankhanza n'kulakwitsa kumene kumapweteka mwini chipsera yemwe. Ambiri amangodabwa. Diso la munthu limaima pa chinthu chimene silinazolowere, ndipo akapatsidwa moni n'kuyankhidwa mwachidule amachita manyazi pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. Ana aang'ono ndi amene amafunsa mosabisa, ndipo sitingawadzudzule chifukwa ndife tomwe timawaphunzitsa kuti safunsa anadya phula. Ena amayang'ana ndi mantha, ndipo mantha awo amakhala ndi funso limene salitchula: kodi zimenezi n'zopatsirana? Pakhungu lakuda, malo amene apola kumene amaoneka ofiirira kapena otuwa, ndiye ena amaganiza za khate kapena matenda ena apakhungu. Pamwamba pa izi pali nkhani ya khunyu. Kwathu kuno anthu ambiri amene anapsa kwambiri anagwera pamoto atagwidwa ndi khunyu, ndipo chikhulupiriro chakuti matendawa amapatsirana kudzera m'malovu kapena mpweya wa wodwalayo chikadalipo, moti ena amaopa ngakhale kumukoka munthu pamoto. Khunyu sipatsirana mwa njira iliyonse, ndipo chipsera sichipatsirana, koma ngati palibe wamkulu amene wanena zimenezi momveka, makolo amauza ana awo kuti asadyere mbale imodzi ndi mwana uja. Onyoza mwadala ndi ochepa, kungoti mawu awo ndi amene amamveka patali pamene ena onse angokhala chete.

Chimene chinandithandiza ine, mochedwa kwambiri, ndi kukhala ndi yankho lokonzeratu. Ndinalipeza ndekha ndili kusekondale, koma pambuyo pake ndinadzamva kuti ku Britain bungwe la Changing Faces, limene linayambitsidwa mu 1992 ndi James Partridge, bambo amene anapsa nkhope pa ngozi ya galimoto ali ndi zaka 18, limaphunzitsa njira yofanana: kufotokoza mwachidule, kumutsimikizira wofunsayo kuti palibe choopsa, kenaka kutembenuzira nkhani kwina. M'Chichewa chathu yankho lotere limamveka motere: "Ndinapsa ndi moto ndili mwana. Zinapola kalekale, sizipweteka ndipo sizipatsirana. Kodi minibasi iyi ikudzera kumsika?" Gawo lachitatulo ndi limene ambiri amaliiwala, chonsecho ndi limene limatseka khomo. Ukangofotokoza n'kukhala chete, wofunsayo amaona ngati wamupatsa mpata, ndiye amapitiriza kufunsa kuti kunalibe akuluakulu kodi, unagona chipatala chiti, nanga bambo akunyumba anakukondera chiyani. Ukabweza funso lako, iye amasanduka woyankha, ndipo nkhani imachoka pankhope pako.

Yankho limeneli liyenera kuyesereredwa mokweza mpaka lizituluka lokha, chifukwa nthawi imene funso likubwera mtima umagunda, pakamwa pamauma, ndipo mawu amene sunawazolowere amathawa. Liyeneranso kukhala ndi mnzake wa masiku otopa, monga kunena mwaulemu kuti, "Pepani, lero sindikufuna kukamba zimenezi." Mwana wa kwathu amaleredwa kuti wamkulu akafunsa uyenera kuyankha, motero sangadzipatse yekha chilolezo chokana. Chilolezocho chiyenera kuchokera kwa kholo ndi mphunzitsi. Ine mpaka lero pali mafunso amene sindiyankha, monga la amayi ena amene anandifunsa pamzere wa kuchigayo ngati anandithira madzi amoto ndi mkazi mnzanga. Ndinangowapatsa moni wachiwiri n'kuwafunsa ngati chimanga chawo n'chokonola kale.

Ndifotokoze tsopano zimene zinachitika m'kalasi mwanga, pofuna kuonetsa kuti chimene ndikupempha si ntchito yofuna ndalama. Mtsikana wina wa zaka 10 anakhuthukiridwa ndi mphika wa phala, napsa chibwano, khosi ndi mkono wakumanja. Anakhala kunja kwa sukulu milungu 9. Nditamva kuti watuluka m'chipatala, ndinapita kwawo kutatsala mlungu umodzi kuti abwerere, ndipo ndinamupeza atakhala m'nyumba masana dzuwa likuswa mtengo, atadziphimba chitenje mpaka m'mphuno. Sindinamuuze kuti alimbe mtima, chifukwa mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri ndili mwana ndipo sanandipatse chilichonse chochita. Ndinamufunsa zinthu zitatu pamaso pa amayi ake: chimene akufuna kuti anzake adziwe, chimene sakufuna kuti chinenedwe, ndiponso ngati akufuna kukhalapo pamene ndikuuza kalasi. Anati anzake adziwe kuti linali phala ndipo alibe khunyu, asauzidwe kuti khungu analichotsa pantchafu, ndipo ndiwauze iye kulibe. Pa mfundo ya khunyu ndinamufotokozera kuti ndidzanena kuti linali phala, koma ndidzanenanso kuti ngakhale khunyuyo sipatsirana, popeza m'sukulu mwathu muli ana amene amamwa mankhwala a matendawa ndipo sindikanafuna kumuyeretsa iye podetsa anzakewo. Kenaka tinayeserera yankho lake, ine ndikukhala ngati mwana wofunsa, mpaka anatha kunena akundiyang'ana m'maso kuti, "Ndinapsa ndi phala, zikupola, tiye tikasewere fulaye."

Lachisanu ndinauza kalasi, ndipo sizinapitirire mphindi 10. Ndinanena kuti mnzawo abwera Lolemba, kuti khungu lake la pachibwano, pakhosi ndi pamkono likuoneka lofiira ndi lotukuka, kuti silipatsirana, kuti azidzola mafuta masana ndipo azivala chipewa ndi chilolezo cha ahedi. Ndinawauza kuti kuyang'ana koyamba si mlandu, koma ukayang'ana upereke moni. Kenaka ndinawalola kufunsa ine mafunso onse amene akanamufunsa iye. Anafunsa ngati zimapweteka ukagwira, ngati khungu lidzabwerera mwakale, ngati angathe kulemba, ndipo mnyamata wina anafunsa ngati akununkha. Sindinamukalipire, chifukwa funso limenelo likanapanda kufunsidwa kwa ine likananong'onedwa kumbuyo kwa mwana uja. Ndinapempha atsikana awiri amene iye mwini anawatchula kuti akamutenge kunyumba Lolemba m'mawa, kuti asalowe yekha pabwalo la sukulu.

M'kalasi zinayenda bwino kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo pofika Lachitatu ana anali atasiya kutembenuka. Zimene sindinaziganizire zinali kunja kwa kalasi. Anyamata a makalasi aakulu, amene sanauzidwe kanthu, ankamudikirira panjira ya kumjigo n'kumamuitana maina. Mphunzitsi mnzanga, mwa chifundo chenicheni, anamuitanira kutsogolo pa asembule kuti sukulu yonse imupempherere, ndipo mwanayo anaima pamenepo ana mazanamazana akumuyang'ana, chinthu chimene tinkayesetsa kupewa. Wina anamuchotsa pagulu losesa ponena kuti ndi wodwala, zimene zinachititsa anzake kuyamba kumuchitira nsanje ndi kumusala. Ndinaphunzirapo kuti kuuza kalasi imodzi sikokwanira, aphunzitsi onse ayenera kumvana kaye mu ofesi, ndiponso kuti chifundo chochitikira pagulu chimamuonetsera mwana mofanana ndi chipongwe.

Ndinazindikira kuti zinthu zasokonekera osati chifukwa chakuti iye anadandaula, pakuti ana otere kawirikawiri sanena. Zizindikiro zake zinali zakuti anasiya kutuluka pabuleki, anasiya kumwa madzi kuti asapite kuchimbudzi, anayamba kuvala juzi mu Okutobala kukutentha, anasiya kukweza mkono ngakhale pa masamu amene ankawakhoza, ndipo kujomba kwake kunkagwera masiku a asembule. Mphunzitsi amene akudziwa zoyang'ana angathe kuona zimenezi m'kaundula wa tsiku ndi tsiku pasanathe milungu iwiri. Ahedi ataitana anyamata aja pamodzi ndi makolo awo, ndiponso titagwirizana kuti mwanayo abwerere pagulu losesa koma azigwira ntchito ya pamthunzi, anayambanso kutuluka ndi anzake.

Kwa inu a Zaumoyo, pali zinthu zokhudza chipsera zimene mphunzitsi sangazidziwe ngati simunamuuze, ndipo kusadziwako kumabala chilango pa mwana wosalakwa. Bala likatseka si ndiye kuti chipsera chakhwima. Chimatenga chaka chimodzi mpaka ziwiri, ndipo m'miyezi yoyambirira chimatha kufiira, kutukuka ndi kuuma kuposa tsiku limene mwana anatuluka m'chipatala, moti makolo ndi aphunzitsi amaganiza kuti matenda ayambiranso. Chimayabwa koopsa, ndiye mwana amene akungodzikanda ndi kutakataka m'kalasi si wamwano. Pamene moto unalowa kwambiri, khungu silitulutsa thukuta kapena mafuta ake achilengedwe, choncho limauma n'kung'ambika ngati silidzoledwa vaselini kapena mafuta ena osanunkhira kangapo pa tsiku, ndipo mwana amene anapsa malo aakulu amavutika msanga ndi kutentha. Khungu latsopanoli limapsa ndi dzuwa mosavuta n'kusintha mtundu, n'chifukwa chake chipewa ndi malaya a manja aatali ndi mbali ya chithandizo, osati kuphwanya lamulo la yunifolomu. Chipsera chodutsa pakhosi, m'khwapa, pachigongono kapena pazala chimakungika pamene chikukhwima, ndipo mwana akapanda kuchita mafizo chiwalocho chimapindika mpaka kufunika opaleshoni ina. Mwana amene akubisa mkono m'juzi tsiku lonse chifukwa choopa maso a anzake ndiye kuti sakuutambasula, motero kuyang'anitsitsa kwa anthu kumatha kufika polumalitsa mkono umene madokotala anaupulumutsa.

Pempho langa kwa inu ndi laling'ono. Mwana aliyense wa msinkhu wa sukulu akamatuluka m'chipatala atapsa, namwino kapena dokotala alembe theka la tsamba m'Chichewa, lopita kwa mphunzitsi wamkulu, lonena kuti vutoli silipatsirana, kuti mwana azidzola kangati, azivala chiyani, ndi masewera kapena ntchito ziti zimene angachite, ndiponso masiku amene akuyenera kubwerera kuchipatala. Likhale pepala lapadera, chifukwa buku la kuchipatala limakhala ndi zinsinsi zina zimene sukulu siyenera kuwerenga. Ndipo mwana asanatuluke, wina amufunse funso limene akakumane nalo pageti pomwepo, lakuti "Wapsa bwanji?", n'kumuthandiza kupeza yankho la ziganizo ziwiri kapena zitatu. Zimenezi zingatheke pa nthawi yomwe akumutsuka bala komaliza. Wodi ya anthu opsa ya ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe zingathe kutsogolera, koma ana ambiri amathandizidwa m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni, choncho pepalalo lifike kumeneko, ndipo alangizi a zaumoyo a m'midzi adziwe za ilo.

Pali funso limodzi limene mphunzitsi ayenera kufunsa, koma osati pagulu. Si kupsa konse kumene kuli ngozi. Tonse tinamvapo za ana amene anawotchedwa manja chifukwa chotapa ndiwo mumphika kapena kutenga ndalama yochepa, ndipo n'chifukwa chake mwana wopsa zala amafunsidwa ndi anzake kuti, "Unaba chiyani?" ngakhale atapsa pa ngozi yeniyeni. Ngati mphunzitsi akuona kuti nkhani imene akuuzidwa sikugwirizana ndi maonekedwe a bala, monga manja onse awiri kupsa mofanana mpaka polekezera powongoka ngati anaviikidwa, nkhaniyo ipite mwachinsinsi kwa ahedi, kwa woona za chitetezo cha ana m'deralo, ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kapena pa nambala yaulere ya 116. Mwana wotere ndi amene amafunika kwambiri chilolezo chokana kuyankha anzake, chifukwa yankho loona ndi lolemera kuposa msinkhu wake, ndipo si bwino kumuphunzitsa bodza. Kwa iye, "Ndinapsa, zikupola, sindikufuna kukamba zambiri" ndi yankho lokwanira.

Kwa inu a Zamaphunziro, ndikudziwa kuti ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa tsankho pa zifukwa za ulumali, ndipo lamulo la anthu aulumali la 2012 linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Vuto ndi lakuti mwana wachipsera amagwera pakati. Amaona, amamva, amayenda ndipo amakhoza mayeso, motero saoneka ngati wofunika mphunzitsi wa maphunziro apadera ngati amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo akasiya sukulu m'kaundula mumangolembedwa kuti anadwala kapena anangosiya. Chimene chikumulepheretsa kuphunzira sichili m'thupi mwake koma m'maso ndi m'kamwa mwa anthu omuzungulira, ndipo zimenezi n'zofanana ndi zimene amakumana nazo mwana wachialubino, wobadwa ndi mlomo wong'ambika, kapena wa khungu la mawangamawanga.

Ndikupempha kuti mutumize kalata kusukulu zonse yonena momveka kuti chipewa, duku kapena malaya a manja aatali n'zololedwa kwa mwana amene khungu lake likufunika kutetezedwa, komanso kwa amene sanakonzeke kuonetsa chipsera chake, ndipo palibe mphunzitsi amene amuvule pagulu. Panopa zimenezi zimadalira mtima wa ahedi, ndipo ahedi akasamutsidwa chilolezo chimapita nawo. Ndikupemphanso kuti m'makoleji a zauphunzitsi ndi pa misonkhano ya aphunzitsi ya m'mazoni pakhale phunziro limodzi, ngakhale la maola awiri, la mmene tingalandirire mwana amene maonekedwe ake asintha: kukamuona kwawo asanabwere, kumufunsa chimene akulola kuti chinenedwe, kumvana aphunzitsi onse, kuuza kalasi mwachidule, ndi kuyang'anira kaundula mwezi woyamba. Magulu a amayi amene ali kale m'sukulu zathu angathe kutenga mbali ya makolo, chifukwa mawu akuti "usakhale naye pafupi" amachokera kunyumba, ndipo mayi amamva msanga akauzidwa ndi mayi mnzake pamjigo kusiyana ndi kuuzidwa ndi mphunzitsi pamsonkhano.

Ndisabise kuti njira imeneyi ili ndi malire. Sichotsa chipsera, siletsa kondakitala kukuwa mawu achipongwe pasiteji, ndipo mwana amene wayankha bwino maulendo asanu akhoza kulira pa ulendo wachisanu ndi chimodzi. Pali ana ena amene safuna n'komwe kuti kalasi iuzidwe kanthu, ndipo zofuna zawo ziyenera kulemekezedwa, mphunzitsi n'kungokhala tcheru kuti ayankhe mafunso akabuka. Palinso ena amene mantha a tsiku la ngozi amawabwerera m'maloto kapena akamva fungo la utsi, ndipo amenewa amafunika uphungu wa kuchipatala umene mphunzitsi sangaupereke. Ine ndinathandizidwa ndi nkhope yanga yomwe, popeza ana a m'kalasi mwanga anali atazolowera kale kuona chipsera chikuphunzitsa masamu, koma mwana wa sukulu ina sayenera kudikira kuti apeze mphunzitsi amene anapsapo.

Mtsikana uja anamaliza sitandade 4 osabwereza. Chigongono chake chinayamba kukungika m'teremu yachitatu, ndipo tinazindikira msanga chifukwa anali atasiya kubisa mkono, moti mnzake wokhala naye pafupi ndi amene anandiuza kuti sukuwongoka bwino akamafufuta bolodi. Anabwerera ku mafizo, ndipo tsopano amautambasula pafupifupi wonse. Miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene ana amaunjikana pamoto m'mawa ndi madzulo, ndi imene ngozi zoterezi zimachuluka, ndipo ambiri mwa ana opsa nthawi imeneyo amakhala okonzeka kubwerera kusukulu chaka cha maphunziro chikamayamba mu Seputembala. Ndikupempha kuti pepala la kuchipatala ndi kalata ya chipewa zikhale zitafika m'manja mwa anamwino ndi aphunzitsi aakulu nyengo yozizira ikubwerayi isanayambe.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa sitandade 4